Ndikaponya 200,000 pa loni kamodzi, miyezi ichepa ingati?

Kamtedza
Abale, ndithandizeni masamu awa. Ndinatenga loni ya 1,000,000 yobweza miyezi 36, chiwongola dzanja 24 peresenti pachaka, ndipo mwezi uliwonse amadula 39,233. Ndabweza miyezi 12 osaphonya. Pano ndapeza 200,000 yapadera ndipo ndikufuna kuiponya yonse pa loniyo kamodzi. Nditafunsa ku banki, wondithandizayo anangoti zitheka, ndilembe kalata, koma za miyezi imene ichepe kapena chiwongola dzanja chimene ndipulumutse sanandiuze. Chinanso chandizunguza mutu ndi sitetimenti: ikuti ndatsala ndi 742,047, chonsecho ndapereka kale ndalama zopitirira 470,000. Kodi ndikaponya ndalamayi ndipindula chiyani kwenikweni?

Tsabola
Apa palibe chovuta. Gawani 200,000 ndi 39,233, mupeza 5 ndi kanyenyeswa. Miyezi isanu yachoka, basi.

Wamasamu
A Tsabola, miyezi isanu ndi yochepa. Kugawa kwanuko kukanakhala koona chikhala kuti 39,233 yonse imapita pa ngongole yeniyeni, koma mkati mwake muli chiwongola dzanja.

A Kamtedza, tiyambe ndi zimene zakudabwitsanizo, chifukwa yankho lonse lagona pomwepo. Chiwongola dzanja cha 24 peresenti pachaka ndi 2 peresenti pamwezi, ndipo pa loni yanuyi amachiwerengera pa ndalama yotsala. Mwezi woyamba munali ndi ngongole ya 1,000,000, ndiye 20,000 inapita ku chiwongola dzanja, ndipo 19,233 yokha ndi imene inadula ngongoleyo. Mwezi wachiwiri ngongole inali itatsikako pang'ono, chiwongola dzanja chinatsikanso pang'ono, yodula ngongole n'kukwerako. Zakhala zikuyenda chomwecho mpaka lero. Pa 470,796 imene mwapereka, pafupifupi 212,800 inali chiwongola dzanja, ndipo pafupifupi 258,000 ndi imene yatsitsa ngongole. Sitetimenti yanu ndi yolondola, sanakubereni.

Tsopano mukapanda kuponya kalikonse, mwezi wa 13 adzawerengera 2 peresenti pa 742,047, yomwe ndi 14,841. Mukaponya 200,000 ija, ngongole itsika kufika pa 542,047, ndipo chiwongola dzanja cha mwezi womwewo chikhala 10,841. Mwapulumutsa 4,000 mwezi umodzi wokha. Ndiye poti mukuperekabe 39,233 yomwe ija, 4,000 imeneyo siibwera m'thumba mwanu, imapita kukadulanso ngongole. Mwezi wotsatira ngongole imakhala yotsika ndi 204,000 kuyerekeza ndi momwe ikanakhalira, zopulumutsa n'kukhala 4,080, ndipo zimakulirakulira choncho mwezi ndi mwezi. N'chifukwa chake miyezi yochoka imaposa isanu.

Ndawerengera: m'malo mwa miyezi 24 yotsalayo, mulipira 39,233 kwa miyezi 16, kenako mwezi wa 17 mungomaliza ndi pafupifupi 13,100. Miyezi 7 yathunthu yachoka, ndipo womalizawo ndi wopepuka. Chiwongola dzanja chimene chinatsala chinali pafupifupi 199,500, tsopano chikhala pafupifupi 98,800. Mwapulumutsa pafupifupi 100,800.

Tsabola
Chabwino, isanu ndi iwiri. Koma 100,800 pa 200,000? Ndiye kuti phindu la 50 peresenti? Bizinesi yake iti imene ingapereke zimenezo? Ponyani lero lomwe a Kamtedza.

Wamasamu
Musathamange nayo 50 peresentiyo. Ndalamayo simuiona mawa, mudzaimva kumapeto, miyezi ija simudzakhalanso mukudulidwa, ndipo kumeneko ndi chaka ndi theka kapena zaka ziwiri kuchokera lero. Phindu lake lenileni ndi 2 peresenti pamwezi, yomwe ija banki ikanakulipiritsani. Ndi phindu labwino, koma ndi limenelo, osati 50.

Mayi_a_Mapasa
Ine ndinachitapo zimenezi ndipo palibe mwezi ngakhale umodzi umene unachoka. Ndinaika ndalama yambiri ndithu pa loni yanga, n'kumadikira kuti ithe msanga. Mwezi wotsatira anangodula ndalama yocheperako, koma tsiku lomalizira linali lomwe lija. Ndiye zimene mukunenazi mwina ndi za pa pepala, achimwene. Ku banki zimayenda mwina.

Wamasamu
Mayi, zimene zinakuchitikiranizo ndi njira yachiwiri, ndipo a Kamtedza ayenera kuidziwa asanalembe kalata ija. Munthu akaponya ndalama yapadera, wobwereketsa akhoza kuchita chimodzi mwa ziwiri. Akhoza kusiya ndalama ya pamwezi momwe ilili, miyezi n'kuchepa, monga ndawerengera pamwambapa. Kapena akhoza kusiya miyezi momwe ilili, n'kutsitsa ya pamwezi. Munthu akapanda kunena chimene akufuna, amamusankhira malinga ndi mgwirizano kapena chizolowezi chawo.

Pa loni ya a Kamtedza, njira yachiwiriyi ikhala chonchi: 542,047 aigawanso pa miyezi 24, ya pamwezi itsika kuchoka pa 39,233 kufika pafupifupi 28,659. Mwezi uliwonse m'thumba mutsala 10,574. Koma chiwongola dzanja chopulumutsa chikhala pafupifupi 53,800 chabe, osati 100,800. Ndalama yoponya ndi imodzimodzi, tsiku lomwelo, koma kusiyana kwake ndi pafupifupi 47,000, chifukwa ngongoleyo mwaisunga nthawi yaitali ndipo ikutsika pang'onopang'ono.

Ndiye simunataye, mayi. Munapulumutsa ndithu, kungoti munapulumutsa zochepa, m'malo mwake n'kupumako mwezi ndi mwezi.

Mayi_a_Mapasa
Kupumako kunandithandiza, sindikukana. Chimene chinandiwawa n'choti palibe anandifunsa.

Bwanoni
Inu nonse mukukamba ngati loni iliyonse imawerengedwa pa ndalama yotsala. Ine yanga inali ya fulati. Anawerengeratu chiwongola dzanja pa ndalama yonse ndinatenga ija, cha miyezi yonse, n'kuchiphatikiza tsiku loyamba. Nditapita ndi ndalama yapadera anailandira ndi manja awiri, koma chiwongola dzanja sichinatsike ngakhale pang'ono. Ndinangomaliza msanga kulipira ndalama yomwe ija. A Kamtedza, musananyamule ndalama, yambani mwadziwa kuti yanu ndi ya mtundu wanji.

Kamtedza
Ndingadziwe bwanji? Pa pepala la mgwirizano pangolembedwa 24 peresenti.

Wamasamu
A Bwanoni akunena zoona, koma yanu si ya fulati, manambala anu akuonetsa okha. Ikanakhala ya fulati, chiwongola dzanja chikanakhala 240,000 chaka chilichonse kwa zaka zitatu, zonse 720,000, ndipo mukanamadulidwa pafupifupi 47,778 pamwezi. Inu mukudulidwa 39,233, yomwe ikugwirizana ndendende ndi ya pa ndalama yotsala. Njira ina yachidule ndi kuyang'ana masitetimenti a miyezi iwiri yotsatizana. Ngati chiwongola dzanja chikutsika mwezi uliwonse, ndipo chikufanana ndi 2 peresenti ya ngongole imene inatsala mwezi wathawo, ndiye kuti mtima pansi.

Mlendo22
Pepani kulowerera. Ine ndikufuna kutenga loni yatsopano kuti nditseke yakale. Banki iti imene imapereka msanga?

Tsabola
A Mlendo, pano tikukamba zothawa ngongole, inu mukufunsa khomo lolowera.

Mlendo22
Ndimayesa ndi zomwezo, kutseka loni ndi ndalama yambiri kamodzi.

Gogo_Chidule
Si zomwezo mwanawe. A Kamtedza akuponya ndalama yawoyawo. Iwe ukufuna kusamutsa ngongole kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Zimathandiza pokhapokha chiwongola dzanja chatsopanocho chikhale chotsika moti n'kukwirira ndalama zonse zolipira potsegula loni ina. Yambitsa funso lako padera.

Koma ine ndili ndi mawu kwa a Kamtedza. Masamu a a Wamasamu sindikuwatsutsa. Funso langa ndi lakuti, 200,000 imeneyi ikapita, kunyumba kutsala chiyani? Ndalama ukaiponya pa loni siibwereranso. Mwana akadwala mwezi wamawa sungapite ku banki kukati ndibwezereni ija ndinaonjeza. Ndipo ukasankha zochepetsa miyezi, mwezi wamawa adzadulabe 39,233 ngati kuti palibe chinachitika. Ndaonapo anthu akuponya zonse pa loni ya 24 peresenti, pakutha pa miyezi itatu n'kukapezeka kwa akatapila. Pamenepo 100,800 ija imapita ngati madzi a m'dengu.

Tsabola
Agogo, ndi maganizo amenewo munthu sangatuluke mu ngongole. Mavuto sadzatha. Ndalama ikakhala mu akaunti imadyeka, aliyense akudziwa.

Gogo_Chidule
Imadyeka kwa amene alibe mwambo. Sindikuti asaponye. Ndikuti aponye yokhayo imene sadzailira.

Dzuwa_Lawala
Nanga bwanji aisunge kaye chaka chimodzi, akaona kuti palibe vuto lagwa adzaiponye nthawi imeneyo? Ndalama ndi yomweyo, ngongole idzatsikabe ndi 200,000.

Wamasamu
Ngongole idzatsika ndi 200,000, inde, koma zopulumutsa sizidzakhala zofanana. Tiyerekeze kuti adikira mpaka atalipira mwezi wa 24. Pamenepo ngongole idzakhala pafupifupi 414,900, ndipo chiwongola dzanja chonse chotsala pa miyezi 12 yomalizayo ndi pafupifupi 55,900 basi. Sungapulumutse zoposa zimene zatsala. Akadzaponya 200,000 nthawi imeneyo, miyezi 12 idzasanduka 6, ndipo adzapulumutsa pafupifupi 40,900. Lero ndi 100,800, chaka chamawa 40,900. Kudikira chaka kukudya pafupifupi 60,000.

Onaninso kuti miyezi yochoka sikusiyana kwambiri, 7 lero ndi 6 chaka chamawa. Munthu amene akungoyang'ana miyezi angaganize kuti kudikira kulibe mtengo. Kusiyana kwagona pa chiwongola dzanja.

Dzuwa_Lawala
Koma chaka chimenecho ndalamayo sikhala ikugona. Akaisunga ku akaunti yopatsa chiwongola dzanja ibereka kenakake.

Wamasamu
Ibereka, ndipo zimenezo muzichotse pa 60,000 ija. Muyeso wake ndi umodzi: kodi kumene mwaisungako ikubereka 2 peresenti pamwezi, msonkho ndi zolipira zina zitachotsedwa? Kawirikawiri wosunga amalandira zochepa kuposa zimene wobwereka amalipira, poti banki imadyera pa kusiyana kumeneko. Ngati ikubereka theka lake, ndiye kuti theka linalo ndi mtengo wokhala ndi ndalama pafupi. Kwa munthu amene alibe ndalama ina yosungira za mwadzidzidzi, mtengo umenewo ukhoza kukhala woyenera, ndipo apa sindikangana ndi agogo.

Bwanoni
Palibe amene watchula chindapusa. Obwereketsa ena amalipiritsa ukabweza msanga, ati wawadulira phindu.

Kamtedza
Ndayang'ana mgwirizano. Pali ndime yonena za 3 peresenti pa kubweza nthawi isanakwane, koma sindikumvetsa kuti 3 peresenti ya chiyani.

Bwanoni
Apo ndiye pofunika kufunsa, ndipo akuyankheni polemba. Ngati ndi ya ndalama mukuponyayo, ndi 6,000. Ngati ndi ya ngongole yonse yotsala, ndi 22,000 ndi kanthu. Nthawi zinanso ndime yotero imagwira pokhapokha ukutseka loni yonse, ukangoonjezerako pang'ono saigwiritsa ntchito.

Wamasamu
Zonse ziwirizo n'zochepa poyerekeza ndi 100,800, ndiye lero phindu lilipobe. Koma taonani zikaphatikizana ndi zina zija. Mukasankha zotsitsa ya pamwezi, n'kukulipiritsani 22,000 ndi kanthu ija, pa 53,800 paja patsala pafupifupi 31,500. Chindapusa chimaluma kwambiri loni ikamapita kumapeto, chifukwa chiwongola dzanja chopulumutsa chimakhala chitachepa kale. Funsaninso ngati chindapusacho achichotse pa 200,000 yomweyo kapena muchilipire padera. Akachotsa 6,000, yodula ngongole ndi 194,000, ndipo manambala ndakupatsani aja atsikako pang'ono.

Nyenyezi_Yakum'mawa
Ine ndinagwirapo ntchito yosunga mabuku a ngongole pa bungwe lina lobwereketsa ndalama, ndiye ndikuuzeni kumene ndalama zoterezi zimasochera. Si pa masamu ayi, ndi pa kalembedwe.

Munthu amabwera ndi ndalama yambiri, n'kuiika pa akaunti osanena kanthu. Makina saganiza. Ngati pali zotsalira za miyezi yam'mbuyo kapena chindapusa chochedwa, amayamba atenga zimenezo. Kenako amatenga chiwongola dzanja chimene chaunjikana kuchokera tsiku lomaliza kulipira, chifukwa malo ambiri amawerengera tsiku ndi tsiku. Pa ngongole ya 742,047, tsiku limodzi ndi pafupifupi 490. Mukapita patatha masiku 15, pafupifupi 7,300 ipita kumeneko kaye. Imeneyo siinabedwe, munayenera kudzailipirabe pakutha pa mwezi, koma musadabwe mukaona ngongole itatsika ndi 192,700 m'malo mwa 200,000.

Vuto lalikulu ndi ili. Malo ena ndalama yoteroyo amailemba ngati malipiro a mtsogolo. Imakhala pambali, mwezi uliwonse makina n'kumatapako 39,233 mpaka itatha. Munthu amasangalala kuti kwa miyezi isanu sakudulidwa, koma ngongole yeniyeni sinatsike tsiku limene anaponya, ndipo chiwongola dzanja chikuwerengedwabe pa 742,047. Mwezi wa 36 udzamupeza akulipirabe. Sapulumutsa kalikonse, wangobwereketsa banki ndalama yake kwaulere.

Tsabola
Ndiye miyezi isanu yanga ija ilipo ndithu.

Nyenyezi_Yakum'mawa
Ilipo a Tsabola, koma ndi ya munthu amene wapusitsidwa.

A Kamtedza, m'kalatamo mulembe zinthu zitatu momveka: kuti 200,000 ipite yonse pa ngongole yeniyeni, osati pa malipiro a mtsogolo, kuti ya pamwezi ikhale momwe ilili ndipo miyezi ichepe, ngati ndi zimene mwasankha, ndiponso kuti akupatseni ndandanda watsopano wa kabwezedwe. Kalatayo aidinde, inu musunge kope. Mukafuna kuti manambala asavute kutsatira, ponyani tsiku lomwelo adula ya pamwezi kapena mawa lake.

Umboni wake udzaoneka pa sitetimenti yotsatira. Musayang'ane zambiri, yang'anani mzere wa chiwongola dzanja. Pakalembedwa ndalama yoyandikira 10,841, zayenda. Pakalembedwa yoyandikira 14,841, ndalama yanu yakhala pambali, bwererani msanga ndi kope lija.

Mayi_a_Mapasa
Zikanakhala kuti ndinamva zimenezi kale. Nanga munthu amene anamutsitsira kale ya pamwezi ngati ine, palibenso chochita?

Wamasamu
Chilipo mayi, ngati mgwirizano wanu ukulola kuonjezera mwezi ndi mwezi popanda chindapusa. Tibwerere pa loni ya a Kamtedza. Atawatsitsira kufika pa 28,659, iwo n'kumaonjezera okha 10,574 mwezi uliwonse, ndiye kuti akulipirabe 39,233 pa ngongole ya 542,047. Loniyo ithanso pa mwezi wa 17, chiwongola dzanja chimodzimodzi. Masamu sasamala kuti pa pepala palembedwa chiyani, amangoona ndalama imene yalowa ndi tsiku lake. Kungoti yoonjezayo nayonso izilembedwa pa ngongole yeniyeni, monga a Nyenyezi anenera.

Gogo_Chidule
Eya, imeneyo ndiye njira yanga. Atsitse ya pamwezi, aziwonjezera yekha zinthu zikamayenda, mwezi wovuta alipire 28,659 popanda womulemba kuti waphonya. Phindu lomwelo, koma chingwe chapakhosi chomasuka.

Tsabola
Pa pepala ndi zokoma. Ndani adzanyamule 10,574 mwezi uliwonse kwa miyezi 16 popanda womukakamiza? Mwezi woyamba adzapita, wachiwiri adzapita, wachitatu kudzabwera chifukwa.

Nyenyezi_Yakum'mawa
Kwinanso salola zoonjezera zing'onozing'ono, amaika malire a ndalama yochepetsetsa, kapena amafuna kalata ulendo uliwonse. Ndiye njira ya agogoyi si paliponse pamene ingatheke.

Dzuwa_Lawala
A Wamasamu, 16 ndi kanthu ija mwaipeza bwanji? Ndikufuna kuyesa pa loni yanga.

Wamasamu
Pa Excel kapena Google Sheets lembani izi:

```
=NPER(0.02,-39233,542047)
```

Ibweretsa 16.33, kutanthauza miyezi 16 yathunthu ndi wina wosakwana. Yoyambayo ndi chiwongola dzanja cha pamwezi, osati cha pachaka, apa ndi pamene ambiri amaphonya. Yachiwiri ndi ya pamwezi, ndipo ikhale ndi kamzere kochotsera kutsogolo. Yachitatu ndi ngongole yotsala mutachotsa ndalama mwaponyayo. Samalaninso ngati mu ndalama imene amakudulani muli inshuwalansi kapena zolipira za akaunti. Zimenezo zichotseni kaye, apo ayi ikuuzani miyezi yochepa kuposa yeniyeni.

Bwanoni
Ndipo zonsezi zikudalira kuti 24 peresentiyo isasunthe. Ngati loni yanu ndi ija imatsatira chiwongola dzanja cha banki, akakweza ndiye kuti 17 ija isintha.

Wamasamu
Isintha, ndipo ndandanda amene akupatseniyo ndi wa chiwongola dzanja cha lero. Koma akakweza, amene anaponya 200,000 ndi amene kukwerako kumupweteke pang'ono, poti kukugwera pa ngongole yochepa.

Mlendo22
Nanga mitengo ya zinthu ikamakwera, si bwino kuchedwa kubweza? Ndinamva kuti ngongole imapepuka yokha.

Gogo_Chidule
Imapepuka kwa amene malipiro ake akukwera limodzi ndi mitengoyo. Ako akukwera?

Kamtedza
Ndawaimbira. Akuti 3 peresenti ija ndi ya ndalama yoponyayo, ndipo andilembera. Za kuonjezera pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi akuti afunse kaye akuluakulu awo. Ine ndilibe ndalama ina yosunga, ndiye ndikuganiza zoponya 150,000 n'kusiya 50,000. A Wamasamu, pamenepo miyezi ikhala ingati?

Wamasamu
Ngongole itsika kufika pa 592,047, mukalipira chindapusa cha 4,500 padera. Ikani nambala imeneyo m'malo mwa 542047, ibweretsa 18 ndi kanyenyeswa, ndiye kuti mulipira miyezi 18 yathunthu ndi kandalama kochepa mwezi wa 19.

Tsabola
50,000 imeneyo sifika pakutha pa mwezi, ndikubetchani.

Gogo_Chidule
Ine ndikanasiya 100,000.